Mafyucha ndi Maopishoni: Chikole Chochepa Chomwe Chimasenza Katundu Wamkulu

Chaka cha 2005 ng'amba inagwa m'Malawi chimanga chikumasula, ndipo zokolola zinachepa kwambiri. Pofika mwezi wa Okutobala, Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu oposa 4 miliyoni akufunika thandizo la chakudya. Mwezi wa Seputembala, chilengezocho chisanachitike, boma linali litasainirana kale mgwirizano wachilendo ndi Standard Bank ya ku South Africa. Tsiku losainalo palibe thumba ngakhale limodzi lomwe linakwera galimoto. Boma linalipira ndalama kuti likhale ndi ufulu wodzagula matani 60,000 a chimanga choyera pa mtengo wogwirizaniratu, ngati litadzachifuna, kaya mitengo itakwera bwanji. Mitengo inakweradi, boma linagwiritsa ntchito ufulu wakewo, ndipo chimanga chinalowa m'dziko pa mtengo wakale.

Zaka khumi m'mbuyo mwake, mapepala amtundu womwewu anagwetsa banki ya Barings ya ku London, yomwe inakhazikitsidwa mu 1762. Wantchito wake mmodzi wa zaka 28, Nick Leeson, anataya £827 miliyoni ali ku ofesi ya ku Singapore, ndipo banki yonse inagulitsidwa ku kampani ya ING pa £1 yokha.

Mapepalawa amatchedwa mafyucha ndi maopishoni. Kuti munthu amvetse chifukwa chake amapulumutsa ena n'kusaukitsa ena, ayenera kuyang'ana zinthu ziwiri: kukula kwa katundu yemwe munthu wadzimangirira, ndi kuchepa kwa ndalama yomwe waika patebulo.

Kugulitsana lero, kulipirana mawa

Alimi ambiri amadziwa za venda amene amafika m'mudzi mwezi wa Febuluwale n'kugwirizana ndi mwini munda mtengo wa thumba chimanga chikadali chachiwisi. Pofika nthawi yokolola mtengo ukakhala pamwamba, mlimi amalira. Ukakhala pansi, amalira ndi venda, ndipo kawirikawiri woluzayo amayesa kuzemba pangano. Fyucha ndi pangano longa limeneli, loti munthu adzagula kapena kugulitsa katundu wakuti, wochuluka mwakuti, mwezi wakuti, pa mtengo womwe wamangidwa lero. Kusiyana kwake n'koti limapangidwira pa msika waukulu wokhala ndi malamulo, pomwe kuzemba n'kosatheka.

Malondawa ndi akale. Ku Osaka m'dziko la Japan, msika wa mpunga wa Dojima unavomerezedwa ndi boma mu 1730. Ku America, msika wa Chicago Board of Trade unatsegulidwa mu 1848 kuti alimi ndi ogula tirigu ndi chimanga azikumanirapo. Kuno kum'mwera kwa Afrika, msika wotere ndi wa SAFEX ku Johannesburg, womwe kuyambira mu 2001 uli m'manja mwa msika wa masheya wa JSE. Mtengo wa chimanga choyera pa msika umenewu umatsatiridwa ndi amalonda a m'chigawo chonse, chifukwa mayiko oyandikana nawo akaperewera chakudya nthawi zambiri amakagula ku South Africa.

Pa msikawo munthu sasankha yekha kuchuluka kwa katundu. Kontirakiti imodzi ya chimanga choyera ndi matani 100, kutanthauza matumba 2,000 a makilogalamu 50. Mtundu wa chimangacho, miyezi yoperekera ndi malo operekera zonse n'zolembedwa kale. Chotsala kwa wogula ndi wogulitsa n'kugwirizana mtengo basi. Awiriwa sadziwana ndipo safunika kudziwana, chifukwa pakati pawo pamaima ofesi ya msika yolipiritsa, yomwe imakhala wogula kwa wogulitsa aliyense ndiponso wogulitsa kwa wogula aliyense. Munthu wamba amafika kumeneko kudzera kwa buloka, kampani yokhala ndi chilolezo chogulira ndi kugulitsira anthu pa msika.

Amene msikawu unapangidwira ndi anthu okhala ndi chimanga chenicheni. Tiyerekeze mlimi wa ku Free State amene akuyembekeza kukolola matani 100. Nthawi yodzala wagulitsa fyucha ya mwezi wa Julayi pa R4,000 tani imodzi. Pokolola mtengo watsika kufika pa R3,500. Chimanga chake achigulitsa motchipa, koma pa fyucha apeza R500 pa tani, ndipo akaphatikiza zonse abwerera pa R4,000 yake. Mtengo ukanakwera kufika pa R4,500 akanataya R500 pa fyucha n'kuipeza pa chimanga. Mlimiyu wasiya mwayi wa mtengo wokwera kuti agone tulo. Mwini fakitale ya ufa amachita chimodzimodzi kumbali yogula.

Koma pa msika pamabweranso anthu opanda munda, opanda nkhokwe, opanda chigayo. Iwo amagula fyucha poganiza kuti mtengo ukwera, kapena kuigulitsa poganiza kuti utsika, ndipo amatuluka tsiku loperekera katundu lisanafike. Wogula amatuluka pogulitsa kontirakiti yofanana, wogulitsa amatuluka pogula. Makontirakiti ambiri amathera momwemo, popanda thumba losuntha. Anthu amenewa ali ndi ntchito yawo, poti popanda iwo mlimi akanasowa womugula pa tsiku lomwe akufuna kugulitsa. Vuto lawo n'loti akataya pa pepala alibe chimanga chowabwezera.

Masiku atatu a akaunti imodzi

Pa mtengo wa R4,000, kontirakiti imodzi ndi katundu wa R400,000. Wogula fyucha salipira ndalama yonseyo. Amangoika chikole chotsimikizira kuti akaluza adzalipira. Kukula kwa chikolecho amakhazikitsa ndi msika, ndipo kumasintha malinga ndi mmene mitengo ikugwedezekera. M'chitsanzo chino tiike chikole pa R40,000, gawo limodzi mwa magawo khumi a katunduyo.

Mphunzitsi wina wasunga R50,000 ndipo wamva kuti mvula ivuta. Watsegula akaunti kwa buloka n'kugula kontirakiti imodzi Lolemba m'mawa. Ndi R50,000 wagwira katundu wa R400,000, wochuluka kasanu ndi katatu kuposa ndalama yake. Izi ndi zomwe amalonda amati levareji, ndipo yake ndi ya 8. Mtengo wa tani ukasuntha ndi R1, akaunti yake isuntha ndi R100.

Tsiku lililonse msika ukatseka, ofesi yolipiritsa imatenga mtengo wotsekera n'kuwerengera aliyense. Woluza amachotseredwa ndalama nthawi yomweyo, ndipo imapita kwa wopindula. Palibe zoti tidzaonana mu Julayi.

Lolemba madzulo mtengo watsika ndi R80, kufika pa R3,920. Pa msika wa chimanga limeneli ndi tsiku wamba, kutsika kwa 2 peresenti. Mphunzitsi uja wachotseredwa R8,000 ndipo watsala ndi R42,000. Akadali pamwamba pa chikole, choncho palibe womuvutitsa.

Lachiwiri nkhani yamveka yoti mvula yagwa bwino ku Free State. Mtengo watsikanso ndi R120, kufika pa R3,800. Zapita R12,000 zina, ndipo mu akaunti mwatsala R30,000. Tsopano chikole chaperewera ndi R10,000. Buloka amutumizira uthenga womwe pa sikirini umalembedwa kuti `margin call`: awonjezere R10,000 pofika mawa, apo ayi kontirakiti yake itsekedwa.

Lachitatu ndalamayo sanaipeze, popeza malipiro ndi a kumapeto kwa mwezi. Buloka wagulitsa kontirakiti ija pa mtengo womwe ulipo, R3,700, osapemphanso chilolezo, chifukwa chilolezocho mphunzitsi anapereka kale posaina fomu yotsegulira akaunti. Zapitanso R10,000. Watsala ndi R20,000, tisanachotsepo za buloka.

Chimanga chatsika ndi 7.5 peresenti yokha, koma akaunti yatsika ndi 60 peresenti, poti 7.5 kuchulukitsa ndi 8 ndi 60. Mtengo ukanatsika ndi R500, kapena kuti 12.5 peresenti, R50,000 yonse ikanatha. Ukanapitirira pamenepo kontirakiti isanatsekedwe, zotsalazo zikanakhala ngongole yomwe buloka ali ndi ufulu wokailonjerera ngakhale kukhoti. Chikole sindiwo malire a zomwe munthu angataye pa fyucha.

Chopweteka kwambiri chimadza pambuyo pake. Patatha mwezi, ng'amba yabweradi ndipo chimanga chafika pa R4,300. Mphunzitsi uja analosera bwino, ndipo akanakhalabe mu msika akanapeza R30,000. Koma anatulutsidwa Lachitatu lija. Munthu amene anagula matumba enieni 250 ndi R50,000 yomweyo n'kuwaika m'nkhokwe akanangodikira, mtengo n'kumupeza. Wa fyucha amafunika kulosera bwino kumene mtengo ukupita, komanso kukhala ndi ndalama yopirira zigwa zonse za m'njira.

Kubwerera pomwe anali nakonso n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira. Kuchoka pa R50,000 kufika pa R20,000 n'kutaya 60 peresenti, koma kuchoka pa R20,000 kubwerera pa R50,000 pamafunika phindu la 150 peresenti. Apa ndi pomwe ambiri amayamba kubetcha mokulirapo kuti abweze msanga, ndipo zotsala zija zimapita mofulumira kuposa zoyamba.

Ufulu wogula ndi mtengo wake

Opishoni imasiyana ndi fyucha pa chinthu chimodzi chachikulu. Wogula fyucha wadzimanga, pomwe wogula opishoni wagula ufulu womwe akhoza kuugwiritsa ntchito kapena kuusiya. Ilipo ya mitundu iwiri. Yogulira, yomwe pa sikirini imalembedwa `Call`, imapatsa mwini wake ufulu wogula pa mtengo wogwirizana. Yogulitsira, yolembedwa `Put`, imamupatsa ufulu wogulitsa pa mtengo wogwirizana. Iliyonse ili ndi tsiku lothera, ndipo iliyonse imalipiridwa ndalama yosabwezedwa yotchedwa pulimiyamu, monga zimakhalira ndi inshulansi. Msika woyamba wa maopishoni okhala ndi malamulo ofanana, Chicago Board Options Exchange, unatsegulidwa mu 1973, ndipo kumeneko opishoni imodzi ya masheya imaimira masheya 100.

Ya boma la Malawi ija inali yogulira. Pulimiyamu yake inali $25.50 pa tani, pafupifupi $1.5 miliyoni yonse pamodzi, ndipo inalipiridwa ndi thandizo la boma la Britain kudzera ku DFID. Mtengo wake unamangidwa potengera wa pa SAFEX, kuphatikizapo wonyamulira chimangacho mpaka m'Malawi. Zinthu zikanasintha, mwina mitengo kutsika kapena amalonda kubweretsa chimanga chokwanira, boma likanangosiya opishoniyo kuti ithe, n'kutaya pulimiyamu yokha. M'malo mwake, kumapeto kwa chaka mitengo ya chimanga ndi ya mayendedwe inakwera ndi ndalama zoposa pulimiyamuyo, ndipo matumba 1.2 miliyoni omwe anali mu mgwirizano anali otetezedwa ku kukwerako. Boma linkafunadi chimangacho ndipo linkadziwiratu malire a zomwe lingataye.

Wofuna phindu chabe masamu ake amayenda mosiyana. Tibwerere ku chimanga cha R4,000. Munthu wagula opishoni yogulira pa R4,000, yotha pakapita miyezi itatu, ndipo pulimiyamu ndi R200 pa tani, kutanthauza R20,000 pa matani 100. Pa tsiku lothera chimanga chikakhala pa R4,600, ufulu wake ndi wa R600 pa tani. Kuchotsapo R200 ija, watsala ndi R400 pa tani, phindu la R40,000. Ndalama yake yabereka kawiri pomwe chimanga chakwera ndi 15 peresenti yokha. Nkhani zotere ndi zomwe zimakopa anthu.

Koma chimanga chikafika pa R4,200 wangobweza ndalama yake, osapindula kanthu. Chikafika pa R4,100 wataya R10,000, theka la ndalama yake, ngakhale mtengo wakweradi monga ankaganizira. Chikakhala pa R4,000 kapena kutsikirapo, opishoni yatha yopanda ntchito ndipo R20,000 yonse yapita. Zikatero palibe ngongole yomutsata, ndipo uwu ndiwo ubwino wa kugula opishoni. Kuipa kwake n'koti kutaya ndalama yonse kumachitika kawirikawiri, ngakhale pa msika wodekha.

Chimene chimamudya ndi nthawi. Gawo la pulimiyamu ndi malipiro a masiku otsala, poti masiku akachuluka mpata woti mtengo usunthe umakhalanso waukulu. Tsiku lililonse lodutsa limachotsako pang'ono, ndipo m'masabata omaliza kuchotsako kumafulumira. Pulimiyamu imakweranso anthu akakhala ndi mantha. Amene wagula opishoni mphekesera za chilala zili mkamwamkamwa amalipira mtengo wa manthawo, ndipo mantha akatha opishoni yake imatsika ngakhale chimanga chisanasunthe.

Mbali ya wogulitsa

Opishoni iliyonse yogulidwa ili ndi woigulitsa, ndipo iye zinthu zimamuyendera mozondoka. Amalandira R20,000 ija tsiku loyamba, ndipo phindu lake silingapose pamenepo. Ufulu uli ndi mnzake, iye ali ndi udindo. Chimanga chikakwera kufika pa R5,000 ayenera kupereka R1,000 pa tani, R100,000 yonse, ndipo kuchotsapo pulimiyamu wataya R80,000. Chikafika pa R6,000 wataya R180,000. Mtengo ulibe denga, choncho amene wagulitsa opishoni yogulira alibe chimangacho alibenso malire a zomwe angataye. N'chifukwa chake nayenso amaika chikole ndipo amawerengeredwa tsiku ndi tsiku.

Malonda amenewa amanyenga chifukwa amapambana miyezi yambiri motsatizana. Maopishoni ochuluka amatha opanda ntchito, wogulitsa n'kumangotolera mapulimiyamu, mpaka kuyamba kuganiza kuti wapeza malipiro a pamwezi.

Nick Leeson anadalira njira imeneyi. Ankagulira banki ya Barings mafyucha a Nikkei 225, muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku Japan, pa msika wa SIMEX ku Singapore. Zotayika zake ankazibisa mu akaunti ya nambala 88888, zomwe zinatheka chifukwa yemweyo ndiye ankayang'aniranso ofesi yolemba ndi kuwerengera malondawo. Pofuna ndalama zolipirira chikole, anagulitsa maopishoni ogulira ndi ogulitsira pamodzi, ambirimbiri. Wochita zimenezi amapindula msika ukakhazikika pamalo amodzi, ndipo amaluza ukasuntha kwambiri, kaya kukwera kaya kutsika.

Pa 17 Januwale 1995 chivomezi chinagwedeza mzinda wa Kobe n'kupha anthu oposa 6,000. Masheya a ku Japan anayamba kutsika. M'malo motseka ndi kuvomera kuluza, Leeson anagula mafyucha enanso ambiri poyembekeza kuti msika ubwerera. Pa 23 Januwale Nikkei inagwa ndi mapointi oposa 1,000 tsiku limodzi. Kutsika kulikonse kunkafuna chikole china, ndipo likulu ku London linkatumiza ndalama zankhaninkhani osamvetsa bwinobwino kumene zikupita. Pa 23 Febuluwale Leeson anathawa ku Singapore, ndipo patangopita masiku atatu banki inagwa, zotayika zitaposa chuma chake chonse. Anamugwira ku Frankfurt, ndipo khoti la ku Singapore linamulamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka.

Pa nkhaniyi panali chinyengo, koma masamu omwe anamaliza bankiyo ndi omwe aja a mphunzitsi wa R50,000, kungoti ziro ndi zambiri.

Mtengo ukalumpha

Ochita malondawa amadziteteza ndi lamulo lomwe amaikiratu kwa buloka, lolembedwa `stop loss`, loti mtengo ukafika pakuti kontirakiti itsekedwe yokha. Pa masiku wamba limagwira ntchito. Koma lamuloli limangouza buloka kuti agulitse. Silipanga wogula. Mtengo ukalumpha kuchoka pa R3,900 kufika pa R3,600 popanda malonda pakati, amene anaika lamulo pa R3,850 amagulitsidwa pa R3,600. Misika ya mbewu ilinso ndi malire a mmene mtengo ungasunthire pa tsiku. Mtengo ukagunda malirewo ogula n'kusowa, munthu amakhala wotsekeredwa, kudikira mawa kuti aluzenso.

Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland inasiya mwadzidzidzi kugwira ndalama yake, falanki, pa 1.20 poisinthanitsa ndi yuro, zomwe inakhala ikuchita kuyambira mu 2011. M'mphindi zochepa falanki inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Ogula yuro anasowa, malamulo otsekera aja sanathandize, ndipo makasitomala a buloka wa FXCM anatsala ndi ngongole ya pafupifupi $225 miliyoni pamwamba pa kutaya zonse za mu akaunti. Buloka wina, Alpari ya ku Britain, anatsekeratu.

Za mafuta mu 2020 zinaposa pamenepo. Kontirakiti imodzi ya mafuta osayenga a ku America otchedwa WTI ndi migolo 1,000, ndipo amene akadali nayo pa tsiku lothera ayenera kukalandira mafutawo ku Cushing m'chigawo cha Oklahoma. Mwezi wa Epulo chaka chimenecho, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto, matanki a ku Cushing anali atatsala pang'ono kudzaza, ndipo malo otsalawo anali atalipiridwa kale. Kontirakiti ya mwezi wa Meyi inkatha pa 21 Epulo. Lachisanu pa 17 Epulo inatsekera pa $18.27 mgolo umodzi. Lolemba pa 20 Epulo anthu opanda matanki anathamangira kugulitsa, ogula kulibe, ndipo mtengo unadutsa pa ziro n'kukatsekera pa -$37.63. Wogulitsa ankachita kulipira kuti wina amulandire mafutawo.

Amene anagwira kontirakiti imodzi kuchokera Lachisanu anataya $55.90 pa mgolo, kutanthauza $55,900 tsiku limodzi. Ena analowa masana a tsikulo ataona mafuta pa $1, akuganiza kuti zikavuta ataya $1,000 basi, poti chinthu sichingatsike kupitirira ziro. Pofika madzulo kontirakiti iliyonse yotero inali itataya $38,630.

Zafika pa foni

Pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre amagulitsapo masheya ndi mabondi, ndipo wogula sheya amalipira mtengo wonse. Levareji imawafika achinyamata ambiri a ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg kudzera pa foni, m'mapulogalamu a folekisi, golide ndi ndalama za pa intaneti. Zambiri zogulitsidwa mmenemo si mafyucha a pa msika waukulu. Ndi mapangano a pakati pa kasitomala ndi buloka yekha, olembedwa `CFD`, obetcherana kusuntha kwa mtengo. Nthawi zina buloka yemweyo ndiye amakhala mbali inayo ya malonda, moti kasitomala akaluza iye amapeza.

Mmenemo levareji imalembedwa ngati `1:100` kapena `1:500`. Munthu akagawa 100 ndi nambala ya levareji yomwe wagwiritsa ntchito, amapeza peresenti yomwe mtengo uyenera kusuntha momutsutsa kuti ndalama yake ithe. Pa 10 ndi 10 peresenti. Pa 100 ndi 1 peresenti. Pa 500 ndi 0.2 peresenti: mnyamata woika $100 wagwira katundu wa $50,000, ndipo dola ndi yuro zimasinthana ndi 0.2 peresenti pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina m'mphindi zingapo. Buloka sadikiranso kuti ndalama ithe yonse, amatseka ikatsika kufika pa mlingo wina wa chikole. Pamwamba pa apo pali kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, komanso ndalama yolipira malonda akagona mpaka mawa, ndipo zonsezi zimawerengedwa pa $50,000 ija, osati pa $100.

Zotsatira zake zinawerengedwa. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya la ESMA linapeza kuti maakaunti 74 mpaka 89 mwa 100 alionse a anthu wamba ochita `CFD` amaluza. Linatsitsa levareji kufika pa 30 pa ndalama zikuluzikulu za mayiko ndi 2 pa ndalama za pa intaneti, linalamula kuti kasitomala wamba asamatsale ndi ngongole yoposa zomwe anaika, ndipo linaletsa kugulitsa kwa anthu wamba maopishoni a inde kapena ayi, otchedwa bainale. Ku India, bungwe la SEBI linalengeza mu Seputembala 2024 kuti anthu 93 mwa 100 alionse amene anachita mafyucha ndi maopishoni a masheya m'zaka zitatu zothera mu Malichi 2024 analuza, ndipo pamodzi anataya ndalama zoposa 1.8 thiliyoni za dziko limenelo, malupi.

Zizindikiro za akaunti yomwe ikupita kuphompho zimaoneka isanagwe. Mwini wake amadziwa chikole chomwe waika koma sangatchule mtengo wonse wa katundu yemwe wagwira. Pafupifupi ndalama yonse ya mu akaunti imakhala yomangika ngati chikole, popanda yotsala yopirira tsiku loipa. Mtengo ukamutsutsa amawonjezera makontirakiti monga anachitira Leeson, ndipo `margin call` ikabwera amakaiyankha ndi ngongole ya ku banki mkhonde kapena ndalama ya fizi. Odziwa ntchitoyi amayambira kwina: amayamba asankha ndalama yomwe angalole kutaya pa malonda amodzi, kawirikawiri 1 kapena 2 peresenti ya akaunti, kenako n'kuona ngati kontirakiti ikukwana mmenemo. Pa akaunti ya R50,000, 2 peresenti ndi R1,000, yomwe pa matani 100 imatha mtengo ukangosuntha ndi R10. Mwa kuwerengera kumeneku, mphunzitsi uja sankayenera kugula ngakhale kontirakiti imodzi.

Chitetezo cha ku Ulaya chija chimagwira mabuloka olembetsedwa kumeneko okha. Ambiri olonjeza `1:500` kwa makasitomala a mu Afrika analembetsa ku tizilumba takutali komwe malamulo ndi ofewa, ndipo kasitomala wa ku Mzuzu akakanizidwa kutapa ndalama yake amasowa kokadandaula. M'Malawi, ziphaso za makampani a zachuma zimaperekedwa ndi ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, ndipo aliyense wofuna kutumiza ndalama kwa buloka akhoza kuyamba wafunsa kumeneko ngati kampaniyo ili m'kaundula.